Ngongole zinayi, ndalama imodzi: tinayamba ndi iti?

Usiku wina kumayambiriro kwa Epulo, ana atagona, ine ndi mayi akunyumba tinakhala pansi ndi kope la mwana lomwe linatsala masamba. Tinagwirizana kuti tilembe ngongole zonse zimene tinali nazo, osabisirana ngakhale imodzi. Kufikira tsikulo aliyense ankangodziwa zake. Ine ndinkadziwa ya kuntchito ndi ya kwa katapila, iwo ankadziwa ya ku banki mkhonde ndi ya pa golosale. Ngongolezi zinabwera motsatizana m'miyezi ya njala: mayi anga anadwala nthawi yaitali kumudzi, fizi ya Januwale inapezana ndi kukwera mtengo kwa chimanga, ndipo pofika Malichi tinali titayamba kukongola kwina kuti tikatseke kwina.

Titalemba, zinaoneka motere. Pa golosale ya pafupi ndi nyumba yathu ku Area 25 panali K40,000 ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira, yopanda chiwongoladzanja, ndipo mwini wake tinapangana naye kuti tizimupatsa K10,000 mwezi ukatha. Ku banki mkhonde ya mayi akunyumba kunali K120,000, chiwongoladzanja chake 20 peresenti pamwezi. Kwa katapila kunali K200,000 pa 30 peresenti pamwezi, ndipo wailesi yathu ya kanema inali kunyumba kwake ngati chikole. Yomaliza inali ya ku Sako, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama la kuntchito kwathu, komwe kunatsala K300,000 pa 3 peresenti pamwezi, ndipo ankadula okha K40,000 ku malipiro anga. Zonse pamodzi zinakwana K660,000.

Kenako tinawerengera zomwe tingakwanitse kutulutsa pamwezi. Titachotsa lendi, chakudya, magetsi, madzi ndi thiransipoti pa malipiro anga ndi phindu la geni ya mandazi ya mayi akunyumba, panatsala K160,000. Pa ndalamayi, K134,000 inali ndi eni ake kale: K40,000 ya ku Sako, K60,000 ya chiwongoladzanja cha katapila, K24,000 ya chiwongoladzanja cha ku banki mkhonde, ndi K10,000 ya pa golosale. Ndalama yomwe tinali ndi ufulu wosankha kopita nayo inali K26,000 yokha. Pali njira ziwiri zobwezera ngongole, ndipo nkhani yake yonse yagona pa kandalama kotsala kameneka. Palibe njira imene imati usiye kulipira ena. Onse umawapatsa zomwe munapangana, koma chotsalacho umachiunjika pa ngongole imodzi mpaka itatha, ndipo ikatha, ndalama yonse yomwe inkapita kumeneko umaisamutsira pa yotsatira.

Funso ndi lakuti ngongole imodziyo ikhale iti.

Mayi akunyumba sanachedwe kuyankha. "Bambo, tiyambe ndi ya pa golosale. Ndikamadutsa pamenepo m'mawa ndi beseni la mandazi ndimachita kuzolika. Tikathana nayo tipite ku banki mkhonde, anthu anayi otifunsa ndalama asanduke awiri, mtima ukhaleko pansi."

Maganizo amenewa si achilendo. Ndi njira yodziwika, yoyamba ndi ngongole yaing'ono kwambiri n'kumakwera, osayang'ana chiwongoladzanja. Ku Amereka anaitchukitsa ndi Dave Ramsey, mlangizi wa zachuma wa pa wailesi, ndipo mfundo yake ndi yakuti munthu wa ngongole sagonja chifukwa cholephera masamu koma chifukwa chofooka mtima. Akaona ngongole imodzi yafufutidwa m'kope msanga, amapeza mphamvu yolimbana ndi yachiwiri. Njira inayo ndi yoyamba ndi ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri, ikule kapena ichepe. Pa ngongole zathu, njira yoyamba inkati golosale, banki mkhonde, katapila, Sako. Yachiwiri inkati katapila, banki mkhonde, Sako, ndipo golosale izingolandira K10,000 yake.

Ine sindinatsutse usiku womwewo, chifukwa manyazi amene ankanenawo anali enieni, ndipo ankawasenza ndi iwo, osati ine amene ndimachoka m'mamawa n'kubwera kutada. Loweruka lake ndinapita ndi kope lija kwa alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, omwe akhala msungichuma wa gulu lina kwa zaka zambiri. Anayang'ana manambala aja kanthawi, kenako anandifunsa funso limodzi lokha.

"Alamu, mutatola K10,000 pamsewu lero, mukaipereka kwa ndani kuti mwezi wamawa mupumeko?"

Tinawerengera limodzi. K10,000 ikapita kwa katapila, mwezi wotsatira chiwongoladzanja chimatsika ndi K3,000, ndipo chimakhala chotsika choncho mwezi uliwonse mpaka ngongole itatha. Ikapita ku banki mkhonde chimatsika ndi K2,000. Ku Sako chimatsika ndi K300. Pa golosale sichitsika ndi tambala yomwe, chifukwa kulibe chiwongoladzanja. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona ngongole monga mwa kukula kwake. Ndinayamba kufunsa kuti K10,000 iliyonse ya ngongoleyi ikundidya zingati pamwezi. Ngongole ya ku Sako inali yaikulu pa zonse, koma mwezi woyamba inabala K9,000 yokha. Ya katapila, yocheperapo, inabala K60,000.

Kenako tinayendetsa njira zonse ziwiri papepala, mwezi ndi mwezi, ndipo apa ndipempha kuti mundilole ndichedwepo, chifukwa ndi pamene maso anga anatseguka.

Tikanayamba ndi yaing'ono, mu Epulo pa golosale pakanapita K36,000, kutsala K4,000. Mu Meyi golosale ikanatha, ndipo K32,000 ikanalowa ku banki mkhonde, ngongoleyo n'kutsika kufika pa K88,000. Mu Juni ikanafika pa K45,600, mu Julayi n'kutheratu. Pamenepo zikuoneka bwino ndithu: miyezi inayi, ngongole ziwiri zafufutidwa. Koma m'miyezi inayi yomweyo katapila akanalandira K60,000 kanayi, K240,000 yathunthu, kuposa ndalama imene anatikongoza, pomwe ngongole yake ikanali pa K194,720. Tikanathana naye mu Okutobala, ndipo Sako ikanatha mu Novembala. Ndalama zonse zotuluka m'thumba mwathu zikanakwana pafupifupi K1,132,000.

Njira yachiwiri, yoyambira kwa katapila, imayamba mozizira. Mu Epulo K26,000 ija imatsitsa ngongole yake kufika pa K174,000, ndipo m'kope simuoneka kusintha kwenikweni, mayina anayi onse akadalimo. Koma mu Meyi chiwongoladzanja chake sichikhalanso K60,000, chimakhala K52,200, ndiye kuti ndalama yodulira ngongole yeniyeniyo yakula yokha kufika pa K33,800 popanda ife kuwonjezera kalikonse. Ngongole imatsika kufika pa K140,200. Mu Juni imafika pa K96,260, mu Julayi pa K39,140, ndipo mwezi womwewo golosale imatha yokha ndi ma K10,000 aja. Mu Ogasiti katapila watha, mu Sepitembala banki mkhonde yatha, mu Okutobala Sako yatha. Zonse pamodzi pafupifupi K1,031,000.

Kusiyana kwake ndi K100,000 komanso mwezi umodzi wathunthu. Ndalamayi ikuchokera poonekeratu. Poyamba ndi katapila, chiwongoladzanja chake chonse chimakwana pafupifupi K195,000 m'malo mwa K354,000, pomwe cha ku banki mkhonde chimakwera kuchoka pa K75,000 kufika pa K135,000 chifukwa ngongoleyo yakhalitsa. Wapulumutsa K159,000 uku, wataya K60,000 uko.

Alamu anawonjezerapo mfundo imene ine sindinaiganizire. Chiwongoladzanja cha ku banki mkhonde sichipita kutali. Chimalowa m'bokosi la gulu, ndipo pogawana mu Disembala chimabwerera kwa mamembala monga mwa masheya awo. Sikuti chonse chimabwerera kwa amene analipira, chifukwa gululo lili ndi anthu ambiri, komabe kagawo kena kamabwera kunyumba. Cha katapila chikapita chapita.

Pali chinthu china chimene ndikufuna kunena mosabisa, chifukwa ndamva anthu ophunzira akulangiza anzawo kuti njira ziwirizi sizisiyana kwenikweni, ungosankha yomwe mtima wako wakonda. Langizo limeneli ndi loona kumene linachokera. Ku Amereka ngongole za pa makadi a kubanki zimakhala ndi chiwongoladzanja cha m'ma 20 peresenti pa chaka, ndipo kadi ina ikasiyana ndi inzake, imasiyana pang'ono. Munthu wotere akayamba ndi yaing'ono amataya zochepa, n'kupindula mtendere wa mumtima. Ngakhale kwathu kuno, mutakhala ndi ngongole ziwiri, ina ya 3 peresenti pamwezi ina ya 4, kusiyana kwake pa K100,000 ndi K1,000 yokha pamwezi, ndipo ine ndingakuuzeni kuti thanani ndi yaing'onoyo mupumeko. Koma m'kope lathu munali ziro, 3, 20 ndi 30, zonse za pamwezi. Pamene ngongole zatalikirana chomwechi, kutonthoza mtima poyamba ndi yaing'ono kumagulidwa modula kwambiri, ndipo amene amalipira kwambiri ndi wosauka. Tinayesa kuwerengera ngati tikanakhala ndi K200,000 pamwezi m'malo mwa K160,000: njira zonse ziwiri zikanatha m'miyezi isanu, ndipo kusiyana kwake kukanatsika kufika pa K55,000. Ndalama yobwezera ikachepa, ngongole zimakhalitsa, ndipo kulakwitsa poyambira kumapweteka kwambiri.

Ndinabwerera kunyumba ndi mapepala awiri aja. Sindinawauze mayi akunyumba kuti analakwitsa, chifukwa mfundo yawo inali ndi mbali ina yolemera kuposa manyazi. Golosale ija ndi yomwe imatisunga mwezi ukafika pakati. Mwini wake akanakwiya n'kutitsekera kope, tsiku losowa sopo tikanapita kuti, ngati si kwa katapila yemweyo? Ngongole yopanda chiwongoladzanja ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi ubale. Choncho tinapita limodzi kukalankhula naye. Tinamuuza kuti K10,000 yake izifika pa 28 mwezi uliwonse, kuti pofika Julayi tidzakhala titamaliza, ndipo kufikira nthawiyo tizigula ndi ndalama m'manja, osalembetsanso. Anavomera mosavuta. Ndinaona kuti chimene chinkamuwawa si kuchedwa kwa ndalama, koma kuona anthu omwe ali nawo ngongole akumulambalala. Kuyambira tsiku limenelo mayi akunyumba ankadutsa pamenepo n'kupereka moni.

Ku banki mkhonde nako kunafunika kufunsa. Magulu amasiyana malamulo. Ena amafuna kuti ngongole yonse ibwerere pakatha mwezi umodzi kapena itatu, ndipo ukachedwa pali chindapusa. Gulu la mayi akunyumba limalola munthu kumalipira chiwongoladzanja chokha mwezi ndi mwezi, malinga ngongole yonse ikhale itabwezedwa nthawi yotolera ndalama zogawana isanakwane. Ife pepala lathu linkaonetsa Sepitembala, ndiye tinali mkati mwa nthawi. Zikanakhala kuti tinayamba mu Ogasiti, dongosolo lonse likanasintha, chifukwa ngongole yokhala ndi tsiku lomalizira komanso chilango imadumpha mzere, chiwongoladzanja chake chikhale chotani. Kulephera kubweza pa nthawi yogawana kumatanthauza kudulidwa masheya, mwinanso kulandidwa katundu pamaso pa anzako a m'dera limodzi.

Kovuta kunali kwa katapila. Njira yoyamba ndi chiwongoladzanja chokwera imagwira ntchito pokhapokha ngati wokongozayo akulandira ndalama zoduladula n'kumawerengera chiwongoladzanja pa zotsala. Akatapila ena salola. Amafuna chiwongoladzanja chokha, kapena ndalama yonse nthawi imodzi, chifukwa akudziwa kuti phindu lawo lili pa iwe kukhalitsa. Wathuyu poyamba anazengereza.

"Achimwene, bwanji muzingobweretsa sikisite yanga ija, zinazo mudzabweza mukadzapeza bwino? Ine sindikukuthamangitsani."

Mawu okoma, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndinamuuza kuti ndikufuna kumadula ngongole mwezi uliwonse, ndipo atavomera ndinapempha kuti tizilemba. Ulendo uliwonse ndinkatenga kope langa, n'kulemba tsiku, ndalama yomwe ndapereka, gawo la chiwongoladzanja, gawo lodula ngongole, ndi yotsala, iye n'kusayina. Popanda zimenezi, mwezi wamawa ukhoza kuuzidwa kuti K26,000 ija inali ya kuchedwa kwa masiku awiri. Akanakana kulandira zoduladula, tikanasunga ndalama yotsalayo padera mpaka itakwana, kapena kufunsa ku Sako ngati angatiwonjezere ngongole ya 3 peresenti kuti tikatseke ya 30. Ife tinafunsa ndithu, koma masheya anga sankalola kuti nditengenso ina yoyambayo isanathe.

Pali msampha wina umene ife sunatikhudze koma wagwira anzanga angapo, ndipo ndi bwino kuudziwa musanasanje ngongole zanu. Ngongole zina chiwongoladzanja chake amachiwerengeratu pa tsiku lotenga. Watenga K100,000, akuuza kuti ubweza K130,000 m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ukabweza m'miyezi iwiri ubwezabe K130,000 yomweyo. Katundu wogula mwa pang'onopang'ono, monga foni kapena sola, nthawi zambiri amayenda chonchi. Ngongole yotere, ngakhale ioneke yodula, kuithamangira sikupulumutsa kanthu, ndiye pamzere wa chiwongoladzanja imakhala kumapeto limodzi ndi ya pa golosale. Njira yoizindikirira ndi yosavuta. Funsani wokongozayo kuti, "Nditabweza zonse lero, ndilipira zingati?" Ngati yankho likufanana ndi zomwe mukanalipira pomaliza miyezi yonse, musaikepo ndalama yowonjezera. Ndipo pofunsa chiwongoladzanja, funsani ngati nambala akukuuzaniyo ndi ya pamwezi kapena ya pachaka. 30 peresenti ya kubanki imakhala ya pachaka, ya katapila ndi ya pamwezi, ndipo pachaka imakwana 360.

Miyezi itatu yoyamba inali yowawa, sindinama. Chimene otsutsa njira yoyambira pa chiwongoladzanja chokwera amanena ndi choona: umalipira, umadzimana, koma mayina m'kope sakuchepa. Mu Meyi mayi akunyumba anandifunsa kuti kodi tikuyenda kapena tikungopondaponda pamodzi. Chimene chinatithandiza ndi kusintha chinthu choyang'ana. Tinatsegula tsamba lina m'kope n'kumalembapo nambala imodzi yokha mwezi uliwonse, chiwongoladzanja cha katapila: K60,000, kenako K52,200, kenako K42,060, kenako K28,880. Tsambalo tinalimata kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Chilimbikitso chimene ena amachipeza pofufuta dzina, ife tinkachipeza poona nambala imeneyi ikutsika, ndipo inkatsika mofulumirirapo mwezi uliwonse.

Mu Julayi kunagwa maliro kumudzi kwa mayi akunyumba. Ulendo ndi chipepeso zinatenga K40,000 pa ndalama ya ngongole, tinatsala ndi K120,000. Apa ndi pamene ndinayesa mfundo ina imene anthu oyamba ndi yaing'ono amaidalira, yakuti ukachotsa ngongole zing'onozing'ono msanga, zokakamizidwa kulipira pamwezi zimachepa, ndiye tsoka likagwa umakhala ndi popumira. Pa ngongole zokhala ndi malipiro okhazikika, mfundoyi ndi yoona. Koma kwa ife, zokakamizidwa za Julayi zinali K102,880: Sako K40,000, katapila K28,880, banki mkhonde K24,000, golosale K10,000. Tikanatsata njira inayo zikanakhala K109,120, chifukwa katapila akanafunabe K60,000 yake yonse. Mayina anali anayi m'malo mwa atatu, koma katundu anali wopepukirapo. Tinalipira onse, golosale inatha monga tinalonjezera, ndipo K17,120 yotsala inapita kwa katapila.

K40,000 ya maliro ija inatidyera K30,000 ina ya chiwongoladzanja pofika kumapeto, chifukwa inachedwetsa katapila ndi banki mkhonde yomwe. Sindikudandaula kuti tinapita ku maliro, tikanapitabe ngakhale zikanavuta bwanji. Ndikungosonyeza kulemera kwa ndalama iliyonse pamene ngongole ya 30 peresenti ikadali moyo. Tinamalizabe zonse mu Okutobala, titatulutsa pafupifupi K1,062,000.

Mu Ogasiti, nditalipira zonse zomwe ndinali nazo, kwa katapila kunatsala K6,880. Ndinamupempha kuti aikhululuke, poti pofika tsikulo anali atalandira kale chiwongoladzanja choposa K200,000. Anapukusa mutu, n'kunena kuti pangano ndi pangano. Ndinafufuza m'matumba onse, ndinalibe, ndipo ndinali nditalumbira kuti sindikongolanso kwina kuti nditseke kuno. Kumapeto kwa Sepitembala ndinamupatsa K8,940, anasayina komaliza m'kope langa, n'kulowa m'nyumba kukatenga wailesi ya kanema ija. Inali ndi fumbi la miyezi isanu ndi iwiri. Ndinaikulunga m'chitenje chomwe mayi akunyumba anandipatsira m'mawa, ndinakwera nayo kabaza, ndipo K87,000 yotsala ya mwezi umenewo iwo anapita nayo ku banki mkhonde Lachinayi lotsatira.